Onse anakhoza mayeso, koma fayilo ya malipiro inapita kolakwika

Funso: "Ndine mayi, ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito, tonse pakampani tilipo 40. Chaka chilichonse timapangitsa maphunziro a kasungidwe ka zinsinsi za anthu, masilaidi kenako kamayeso, onse amakhoza. Koma mwezi watha mnzathu wina anatumiza fayilo ya malipiro kwa munthu wakunja mwangozi nkungokhala chete masiku anayi. Abwana akuti ndikonze maphunziro ogwiritsa ntchito zinthu zomwe zimachitikadi mu ofesi. Ndiyambire pati, nanga ndidzadziwa bwanji kuti zaphula kanthu?"

Mayi, mnzanu ujatu lamulo ankalidziwa. Mukanamufunsa pa mayeso kuti ukatumiza fayilo kolakwika umatani, akanayankha bwinobwino kuti umanena pompopompo, malikisi onse nkutenga. Chomwe chinamutseka pakamwa ndi mantha, manyazi, ndi kamtima kaja koti mwina munthuyo sanatsegule, mwina zingodutsa osadziwika. Zimenezi pa silaidi sizimakhalapo. Mayeso amangoona ngati munthu angalizindikire yankho labwino litaikidwa pambali pa mayankho atatu opusa, pomwe mu ofesi yankho lolakwikalo silimaoneka lopusa ayi, limaoneka ngati nzeru, kapena chifundo, kapena kulemekeza abwana. Nde ntchito yanu yonse ili pamenepo basi, kulemba nkhani yoti munthu wabwinobwino, wolimbikira ntchito, akaiwerenga amve kukokedwa kuti alakwitse.

Koma poyamba, nkhani ya mnzanuyo musaitenge momwe ilili nkukaiika patsogolo pa anthu. Pa anthu 40 aliyense akudziwa kale kuti ndi ndani, olo mutasintha dzina, ndipo chomwe anthu adzaphunzire tsiku limenelo ndi chakuti ukalakwitsa pano umasanduka chitsanzo. Mwatero mwawaphunzitsa kubisa. Ine ndinachitapo zimenezi pamalo ena ndikungoyamba kumene ntchitoyi, ndinkaona ngati ndasintha zokwanira, koma chipinda chonse maso anali pa mtsikana mmodzi yemwe anangowerama mpaka tinamaliza, mpaka lero ndikakumbuka zimandiwawa. Sinthani dipatimenti, sinthani mtundu wa fayilo ngati nkotheka, ndipo mwini wakeyo mucheze naye kaye pambali maphunziro asanafike. Chinanso, mafayilo omwe mugwiritse ntchito pophunzitsa akhale a maina opeka ndi manambala opeka. Zimaseketsa koma zimachitika, maphunziro a zinsinsi wophunzitsa nkuonetsa pa pulojekita fayilo yeniyeni ya antchito ati kuti zioneke zenizeni.

Nkhani zake musazifune patali. Tengani sabata imodzi muzingofunsa anthu mmodzimmodzi, wa pa lisepushoni, wa ku akaunti, mlembi wa abwana, dalaivala, a makompyuta, funso limodzi lokha loti ndi liti pomwe munthu anakupemphani zokhudza munthu wina inu nkusowa chochita. Musawafunse kuti munalakwitsapo chani, palibe angakuuzeni. Pofika Lachisanu mukhala ndi nkhani zoposa zomwe mukufuna, ndipo zidzakhala mu mawu a anthuwo, zomwe ndi zofunika kwambiri chifukwa munthu akawerenga khadi lomwe mwalembapo nkhaniyo nkunena kuti "eee izi nde zathu zomwe", theka la ntchito latha.

Nkhani yabwino imalembedwa ngati ikuchitikira wowerengayo, imakhala yaifupi, osapitirira theka la pepala, imatchula nthawi ndi yemwe akudikira, ndipo imaima pomwe munthu akuyenera kusankha. Siimuuza zotsatira. Komanso simuipereka yonse kamodzi, mumaidula pa makhadi atatu kapena anayi nkumapereka limodzilimodzi, chifukwa zinthu zikamachitikadi sumadziwa zonse pa chiyambi. Tiyeni tiyende nayo imodzi mpaka kumapeto, ndasankha ya imelo popeza ndi yofanana ndi vuto lanu, inu mukaisinthe momwe ndanenera muja.

Khadi loyamba. "Ndi Lachisanu, 4:40 madzulo. Abwana akufuna chiwerengero cha antchito pa dipatimenti iliyonse isanakwane 5 koloko, akuti akukalowa nacho mu miting'i. Muli ndi fayilo ya Excel ya malipiro a mwezi uno, mu fayilomo muli kale tsamba lomwe likuonetsa chiwerengerocho, masamba enawo, a maina, malipiro, maakaunti a ku banki ndi ngongole zomwe anthu akudulidwa, munawabisa kale ndi Hide. Mutani?"

Apa musalole kuti ayambe kukambirana. Aliyense alembe kaye yankho lake pa kapepala, mphindi ziwiri, osalemba dzina, nkupinda. Ichi ndi chinthu chomwe ambiri amachidumpha koma ndi pomwe pali mtima wa njira yonseyi, chifukwa mukangoti "tiyeni tikambirane" amayankhula ndi uja wolongolola kapena wamkulu paudindo, enawo nkungogwedeza mutu ngati nawonso amaganiza chomwecho. Munthu yemwe walemba ndi dzanja lake kuti "nditumiza fayiloyo poti zina zonse nzobisika kale" nkudzaona patsogolo zomwe zatuluka, ameneyo sadzaiwala. Mukasonkhanitsa timapepalato muwerenge mokweza mosakaniza, osaseka, osanyogodola.

Mudzapeza ndithu angapo atalemba kuti atumiza fayilo yonseyo. Musakangane nawo, ingoyatsani pulojekita, tsegulani fayilo yanu yopeka ija, dinani batani lakumanja la mausi pa dzina la tsamba pansi paja, sankhani Unhide, sankhani masamba obisikawo nkudina OK, onse mbee. Sizitenga ndi masekondi khumi omwe. Pamenepo mutha kuwauza nkhani yomwe inachitikadi: mu Ogasiti 2023 apolisi a ku Northern Ireland poyankha pempho la munthu wofuna chiwerengero cha antchito anatulutsa fayilo yomwe inali ndi tsamba lobisika, momwe munali maina, maudindo ndi malo ogwirira ntchito a apolisi ndi antchito onse okwana 9,483, ndipo fayiloyo inaikidwa pa intaneti. Bungwe loona za zinsinsi ku United Kingdom, la ICO, linawalipiritsa mapaundi 750,000 mu 2024. Ndimaikonda nkhani imeneyi pophunzitsa osati chifukwa cha ndalamazo koma chifukwa pempholo linali laling'ono, la chiwerengero chabe, chimodzimodzi la abwana a pa khadi lathu. Yankho lomwe mukufuna anthu afikepo ndi loti utsegule fayilo yatsopano, ukopere manambala omwe apemphedwa okhawo pogwiritsa ntchito Paste Special kenako Values, kapena ungowalemba mu imelo momwemo. Wapemphedwa chiwerengero, tumiza chiwerengero. Mphindi zitatu zakwana, ndipo 5 koloko isanakwane.

Khadi lachiwiri limanena kuti munatumiza fayilo yonse ija, kaya gulu linasankha bwino kapena ayi. "Nthawi ndi 4:52. Mwatsegula Sent kuti mutsimikize, mtima wagunda. Munangolemba zilembo zitatu zoyamba za dzina la abwana, Outlook nkumalizitsa yokha, inu nkudina Enter. Imelo yapita kwa munthu wa kampani ina yomwe imakugulitsani zipangizo, dzina lake loyamba ndi lofanana ndi la abwana. Palibe wina akudziwa. Mutani mu mphindi khumi zikubwerazi?"

Ili nde khadi lomwe muyenera kukhalitsapo, mphindi 15 olo kuposa. Mayankho ake ndimawadziwa ndisanatsegule mapepala. Ambiri amalemba kuti aibweza imeloyo ndi Recall. Ena amati amuimbira munthuyo mwakachetechete kumupempha afufute, nkhani nkuthera pomwepo. Ena amati adikira Lolemba poti abwana ali mu miting'i ndipo a makompyuta aweruka kale. Ndipo pamakhala mmodzi kapena awiri olimba mtima omwe amalemba chilungamo chake kuti angofufuta mu Sent nkupita kunyumba. Amenewa muwayamikire mumtima, ndi omwe akuthandizani kuti zokambiranazo zikhale zenizeni.

Za Recall anthu ambiri amazikhulupirira mopitirira muyeso. Mu Outlook, Recall This Message imagwira ngati wotumiza ndi wolandira onse ali mu bungwe limodzi, pa Exchange kapena Microsoft 365 ya kampani yomweyo. Imelo ikatuluka kupita ku adiresi yakunja yapita basi, ili pa seva ya eni ake, ndipo nthawi zina chomwe munthu wakunjayo amalandira ndi kauthenga kena koti mukufuna kuibweza imelo ija, komwe kamangomupatsa chidwi choti atsegule aone kuti mulimo chani. Ku Gmail kuli Undo Send, koma imeneyo sikubweza kwenikweni, ndi kuchedwetsa chabe, imeloyo imagwiridwa kaye masekondi 5, 10, 20 kapena 30 kutengera momwe munatchera, akatha amenewo yapita. Pa khadi lathu padutsa mphindi zingapo, nde zonsezi zakanika kale. Ngati muli ndi nthawi auzeni omwe ali pa Gmail atsegule Settings pomwepo atchere pa 30, ndi kanthu kakang'ono koma kamapulumutsa.

Yankho la kumuimbira munthuyo ndi lomwe limavuta, chifukwa silolakwika lonse. Kumupempha kuti asatsegule, afufute, achotsenso mu Deleted Items, ndipo atsimikize polemba kuti watero komanso kuti sanatumizire wina, ndi sitepe yoyenera ndithu ndipo ikachitika msanga ndi bwino. Cholakwika ndi mawu oti mwakachetechete. Afunseni kuti, chabwino wafufuta, nanga ndani aone ngati anthu 40 omwe maakaunti awo a ku banki atuluka akuyenera kuuzidwa? Ndani aone ngati boma likuyenera kudziwitsidwa? Nanga munthuyo akanama, kapena imelo yake imatsegulidwanso ndi mlembi wake, kapena foni yake inatsitsa kale fayiloyo yokha? Wotumiza uja sangagamule yekha kuti nkhani yatha, chifukwa iyeyo ndi amene akufunitsitsa kuti ithe. Ndimawauza anthu kuti kuyeza kukula kwa vutolo si ntchito yawo, ndipo ambiri akamva zimenezi amapuma, poti katundu yemwe amaopa kusenza uja si wawo. Ntchito yawo ndi kunena, msanga, kwa munthu woyenera, ndi kusafufuta umboni. Uja wofufuta mu Sent wangochotsa njira yodziwira kuti chinapita nchiyani, kwa ndani, nthawi yanji, pomwe imeloyo kwa wolandira ikadalipo, a makompyutanso atha kuiona pa seva.

Odikira Lolemba nde muwaonetse wotchi. Lamulo la mayiko a ku Ulaya la GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, pa gawo 33 limati bungwe likazindikira kuti deta ya anthu yatuluka kapena yasokonekera lidziwitse oyang'anira za zinsinsi mosachedwa, ngati nkotheka pasanathe maola 72, pokhapokha ngati zikuoneka kuti anthuwo sizingawaike pa chiopsezo. Maolawo saima pa wikendi. Bungwe likadziwa Lachisanu 5 koloko madzulo, nthawi ikutha Lolemba 5 koloko madzulo. Gawo lomwelo limatinso chochitika chilichonse chilembedwe mu kaundula wa bungwe olo chikhale choti sichikufunika kukanenedwa, ndipo gawo 34 limati chiopsezo chikakhala chachikulu eni ake a detayo auzidwe. Mayiko ena ali ndi malamulo awo ndi nthawi zawo, nde pa khadi lanu muikepo nthawi ya lamulo lomwe kampani yanu imatsatira. Koma musasandutse gawo limeneli kalasi ya zamalamulo. Chomwe kalaliki akuyenera kutuluka nacho ndi chakuti ola lililonse lomwe wakhala chete, mwayi woti wolandira uja asatsegule ukuchepa, ndipo anzake omwe deta yawo yatuluka sakudziwa kuti achenjere.

Ndisanapereke khadi lachitatu ndimachita kanthu kena komwe kamaonetsa zambiri. Ndimati, chabwino tagwirizana kuti tinena, aliyense atulutse foni andionetse nambala kapena adiresi yomwe anganeneko pa 4:55 Lachisanu. Nthawi zambiri chipinda chimangoti zii. Wina amati kwa abwana, wina kwa a makompyuta, wina kwa inu a za antchito, wina amati zinalembedwa mu polise koma sakudziwa kuti polise ili pati. Zikatero vuto si la antchito ayi, ndi la kampani, ndipo ndi bwino inu mulikonze maphunziro asanachitike: munthu mmodzi wolandira malipoti, wina wogwirizira iye akachokapo, nambala imodzi yoti imayankhidwa ndi madzulo omwe. Kenako muwayesetse kulemba lipotilo pomwepo, mizere inayi yokha, chomwe chatuluka, chapita kwa ndani, nthawi yanji, ndi zomwe wachitapo kale. Anthu amachedwa kunena chifukwa amaganiza kuti akufunika kalata yaitali yodzikhululukira, akaona kuti ndi mizere inayi mantha amachepa.

Khadi lachitatu limatembenuza mpando. "Tsopano inu ndi mnzake wokhala naye desiki yoyandikana. Wakuuzani zonse maso ali ofiira, akuti munthu uja walonjeza kufufuta, akukupemphani kuti musauze aliyense poti kontirakiti yake ikuunikidwa mwezi wamawa. Dzina lanu ndi malipiro anu zili mu fayilomo." Ili ndi khadi lomwe limabweretsa mkangano weniweni, ndipo muwalole akangane. Palibe amafuna kutchedwa kazitape. Komwe ndimawatsogolera ndi koti mnzakeyo anene kuti tiye limodzi pompano, ndikuperekeza, ukanene wekha, ndipo akakana amuuze maso ndi maso kuti ine sindingasunge zimenezi. Anthu ena sadzagwirizana nazo mpaka kumapeto, zilibe kanthu, bola amva kuti kampani ikuyembekezera chani ndipo amva chifukwa chake.

Pamenepa ndichenjeze za mawu aja okondedwa ndi ophunzitsa oti "palibe yankho lolondola kapena lolakwika". Pa nkhani za zinsinsi yankho limakhalapo nthawi zambiri, ndipo mukamaliza khadi osalitchula, anthu amatuluka atangocheza, aliyense ndi maganizo omwe analowa nawo. Khadi lililonse kumbuyo kwake mulembe, kwa inu nokha, zinthu zitatu: chomwe kampani ikufuna munthu achite, chifukwa chake mu chiganizo chimodzi, ndi mayankho olakwika omwe mukuyembekezera pamodzi ndi funso lomwe mudzafunse pa lililonse. Ngati inuyo ndi abwana simukugwirizana pa yankho la khadi lina, khadi limenelo lisalowe mu kalasi, kakambiraneni kaye, mwapeza dzenje mu polise yanu.

Kayendetsedwe kake sikovuta. Anthu 40 agaweni magulu a anthu 6 mpaka 8, gulu lililonse mphindi 45 kapena ola limodzi, nkhani imodzi yaikulu ngati iyi ndi ina yaifupi, basi. Osadzaza nkhani khumi tsiku limodzi ati kuti timalize zonse. Mabwana akhale ndi gulu lawolawo, chifukwa kalaliki sangalembe kuti "ndingofufuta" abwana ake ali pambali, komanso mabwanawo ali ndi makhadi awo, monga loti wantchito wabwera kudzakuuzani kuti walakwitsa, mawu anu oyamba akhala otani.

Nkhani yaifupi yomwe ndimakonda kuphatikiza ndi ya foni, ndipo iyi siwerengedwa, imaseweredwa. Inu mukhale woimba, mmodzi wa gulu akhale wa pa lisepushoni. Mukuti ndinu mchimwene wake wa wantchito wina, kunyumba kwagwa zovuta, foni yake sikupezeka, mukufuna nambala yake ina kapena akuuzeni ngati wabwera kuntchito lero, aweruka nthawi yanji. Muyankhule mwaulemu, mawu akunjenjemera, akakana mukwiye pang'ono, "mayi inu mulibe chisoni?" Mudzaona anthu omwe pa pepala analemba kuti sangapereke akupereka pasanathe mphindi imodzi, ena nkuwonjezera zomwe sanafunsidwe nkomwe, ati sanabwere ali pa tchuthi chodwala. Apo atulutsa za umoyo wa munthu, zomwe GDPR pa gawo 9 imaziika m'gulu la deta yofunika chitetezo chapadera, ndipo woimbayo atha kukhala munthu yemwe wantchitoyo akumuthawa. Chomwe anthu amasowa apa si lamulo, ndi mawu oti anene osaoneka amwano. Nde apatseni mawuwo awayeseze mokweza, kawiri katatu: "Pepani kwambiri ndi zomwe zachitikazo. Za antchito sitipereka pa foni, koma ndipatseni dzina lanu ndi nambala yanu, uthengawu ndiufikitsa pompano." Onani kuti mawuwa sakutsimikiza olo zoti munthuyo alipo lero, koma woimba weniweni wathandizidwa. Zina monga mapepala oiwalidwa pa pulinta, kujambula sikirini nkutumiza pa WhatsApp, kuika anthu ambiri pa Cc m'malo mwa Bcc, kusiya kompyuta osakhoma ndi Windows + L, muzisunge, muzitulutsa imodziimodzi mphindi 15 pa miting'i ya mwezi ndi mwezi. Kangachepe kobwerezabwereza kamakhazikika kuposa tsiku lathunthu kamodzi pachaka.

Tsopano zoti mudziwa bwanji kuti zaphula kanthu. Fomu ija yofunsa ngati anthu asangalala ndi maphunziro imangokuuzani kuti asangalala. Mayeso nawo mwaona kale. Muyang'ane kaundula wa malipoti, ndipo abwana muwachenjezeretu lero kuti maphunziro akagwira malipoti AKWERA, satsika, makamaka miyezi yoyambirira. Sikuti anthu ayamba kulakwitsa kwambiri, zolakwikazo zinalipo kale, kungoti tsopano zikuoneka. Mukapanda kuwachenjeza adzati maphunziro anu aononga zinthu. Ofesi ya anthu 40 yomwe imatumiza maimelo tsiku ndi tsiku nkutha chaka chonse popanda lipoti olo limodzi la imelo yosochera, ine sindiikhulupirira.

Nambala yomwe ndimaidalira kwambiri ndi nthawi yomwe yadutsa kuchokera pomwe munthu wazindikira kulakwitsa kufika pomwe wanena. Mu kaundula muikemo malo awiri, nthawi yozindikira ndi nthawi yonena, ndi lachitatu loti wanena ndi mwini wake kapena zatulukira kwina. Panopa muli pa masiku anayi, mukufuna zifike pa mphindi. Muonenso ngati anthu ayamba kufunsa asanachite, monga wina kubwera kudzati abwana a dipatimenti ina akufuna fayilo ya uje, ndipereke? Mafunso oterowo akachuluka ndiye kuti makhadi aja akugwira ntchito m'mitu mwa anthu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu bweretsani nkhani yomweyo itavala zovala zina, mwina mndandanda wa makasitomala m'malo mwa malipiro, uthenga wa pa foni m'malo mwa imelo, muone ngati timapepala toyamba tija tasintha. Mutha kuyesanso foni ija mwadzidzidzi pa lisepushoni, koma muwauziretu anthu onse kuti mayeso otere azichitika, ndipo zotsatira zake zisalowe mu fayilo ya munthu, apo ayi mwabwerera ku mantha omwe aja.

Pali zina zomwe makhadi sangakonze olo atalembedwa bwino chotani. Ngati fayilo ya malipiro imayenda pa imelo mwezi uliwonse, tsiku lina idzasocheranso, kaya anthu aphunzira kaya ayi, chifukwa dzanja limaterereka. Imeneyo ikufunika foda yomwe amatsegula anthu ochepa okha, kapena fayilo yokhoma ndi pasiwedi yomwe imatumizidwa pa njira ina osati mu imelo yomweyo, ndipo a makompyuta atha kutchera chenjezo loti lizituluka imelo ikamapita kunja kwa kampani. Pa gulu lililonse mukhale ndi pepala lolembapo zoterezi zikamatuluka, chifukwa zituluka ndithu, wina adzati timagwiritsa ntchito WhatsApp poti njira yovomerezekayo imachedwa, ndipo akunena zoona. Pepala limenelo lipite kwa abwana sabata yomweyo.

Za mnzanu wa masiku anayi uja, zoti alangidwa kapena ayi ndi za kampani yanu, koma ngati pakhale chilango chikhale cha kukhala chete kuja osati cha kuterereka kwa dzanja, ndipo anthu amve kusiyana kwake. Abwananso muwakonzekeretse za munthu woyamba yemwe adzabwere ndi lipoti maphunziro akatha, chifukwa ofesi yonse idzakhala ikusuzumira kuti zimuthera bwanji. Mugwirizane mawu ake lero lomwe, mwina "zikomo pobwera msanga, khalani pansi tione chomwe chapita", mafunso oti zinatheka bwanji adikire mawa lake fayilo itatsatidwa kale.